Yang'anani kumapeto musanatumize: zizindikiro za uthenga wodulidwa

Zambiri zimene kale tinkalemba papepala masiku ano timazilemba m'mabokosi a mafomu a pa intaneti. Wofuna ntchito, wofunsira malo kusukulu ya ukachenjede, mlembi wa gulu la alimi limene likupempha thandizo, onsewa amakumana ndi bokosi loti afotokozemo nkhani yawo. Munthu wosamala salembera m'bokosimo mwachindunji. Amayamba walemba pena, kaya mu Word kaya mufoni, n'kuwerenga, n'kukonza, kenako amakopera zonse n'kukazimata m'bokosi muja. Pa ntchito yomalizayi mpamene zinthu zimalakwika popanda wina kuona. Mabokosi ambiri ali ndi malire a zilembo zimene angalandire, ndipo ena akadzaza sachenjeza. Amatenga chiyambi, zotsalazo n'kuzisiya kunja. Wolembayo amaona mizere yoyamba ili bwinobwino, amadina batani lotumizira, ndipo kalata imapita yopanda mathero.

Mwayi wake ngwakuti makina amadula motsatira lamulo limodzi losasintha, ndipo lamulolo limasiya zizindikiro. Munthu wozidziwa angathe kuzindikira uthenga wodulidwa usanachoke m'manja mwake, kapena kuuzindikira ukamufika kuchokera kwa wina.

Makina amawerenga zilembo, samva nkhani

Amene amakonza fomu ya pa intaneti amatha kuika malire ndi kamzere kamodzi kokha ngati aka:

```html
<textarea maxlength="2000"></textarea>
```

Kamzereka kakuuza pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, monga Chrome, kuti bokosili lisalandire zilembo zoposa 2,000. Mukamalemba ndi zala, mumadziwa msanga kuti mwafika pamalire chifukwa zilembo zimangosiya kuoneka. Koma mukamata zolemba zazitali kamodzin'kamodzi, pulogalamuyo imawerenga kuyambira pachilembo choyamba mpaka pa cha 2,000, n'kudula pomwepo. Zili ngati wogulitsa nsalu amene amadula pamene pafika muyeso, osayang'ana kuti duwa la pachitenje lathera pati.

Pa zilembo zimenezi pamawerengedwanso mpata uliwonse wa pakati pa mawu, mpumiro, mpatuliro, nambala iliyonse, ngakhalenso kudumphira pamzere wina mukadina Enter. Timaimoji tambiri timawerengedwa ngati zilembo ziwiri kapena kuposerapo. N'chifukwa chake kuwerenga mawu sikuthandiza pamene malire ali a zilembo, makamaka m'Chichewa momwe mawu amodzi amatha kunyamula chiganizo chathunthu. "Sindidzakuiwalani" ndi mawu amodzi, koma m'bokosi atenga malo 17.

Si malo onse amene amadula. Pa X, yomwe kale inali Twitter, mukapyola zilembo 280 zimene ambiri amaloledwa kuyambira mu 2017, zopyolazo zimaoneka zofiira ndipo uthenga sutumizika mpaka mutaufupikitsa. Telegram imalola zilembo 4,096 pa uthenga umodzi, ndipo zikaposa apo imaugawa kukhala mauthenga angapo. Njira ziwirizi zilibe vuto lalikulu chifukwa palibe chotayika mobisa. Yofunika kuisamala ndi yachitatu, yodula mwakachetechete, yomwe imapezeka kwambiri m'mafomu.

Chizindikiro choyamba chili kumapeto

Popeza kuwerenga kumayambira kumutu, chotayika chimakhala cha kumapeto nthawi zonse. Tsoka lake ndi lakuti bokosi la pafomu limakhala laling'ono, loonetsa mizere yochepa chabe, ndipo maso athu amakhutira akaona mizere imene ikuonekayo ili bwino. Choncho mukangomata, tsikirani pansi penipeni pa bokosilo. Pakompyuta dinani m'bokosimo kenako Ctrl+End, pafoni kokerani zolembazo m'mwamba ndi chala mpaka zitatha. Mukafika, yerekezani mawu omaliza ndi a m'kalata yanu yoyambirira.

Nthawi zambiri kudukako kumagwera pakati pa mawu. Apa Chichewa chimatithandiza, chifukwa pafupifupi mawu onse a m'chinenerochi amathera ndi lembo la liwu: a, e, i, o kapena u. Uthenga wothera pa "tikupemph" kapena "mankhw" sufuna katswiri kuti adziwe kuti wadulidwa. Komabe kuduka kungagwere pa lembo la liwu n'kusiya chinthu chomveka ngati mawu, choncho onaninso ngati chiganizo chomaliza chili ndi mpumiro wake.

Kenako onani zimene zinatsegulidwa koma sizinatsekedwe. Mitengero imayenda iwiriiwiri, mikutiro nayonso chimodzimodzi. Ngati wina wayamba kugwidwa mawu koma mtengero wotsekera palibe, pali chimene chasowa. Onaninso malonjezo a m'kalatamo. Wolemba akati "zifukwa zathu ndi zisanu" koma zikupezeka zitatu, kapena akati "onani manambala ali m'munsimu" koma m'munsimo mulibe kanthu, ndiye kuti mathero anatsalira. Kalata ya kuofesi yoyamba mwaulemu wonse, yokhala ndi malonje ndi mutu, siingathe popanda "Ine wanu" ndi dzina. Nambala ya foni ya m'manja ya ku Malawi ili ndi manambala 10 mukawerenga ndi 0 woyambirira, ndiye ikapezeka kumapeto ili ndi 6 kapena 7, yaduka. Linki yoikidwa kumapeto imene ikukana kutseguka nayonso iyenera kukayikitsa, chifukwa linki ikaperewera chilembo chimodzi chokha siifika kumene imayenera kupita.

Kuduka koopsa kwambiri ndi kumene kumagwera pamalo omveka. Taganizirani uthenga wakuti "Mulipire K20,000 pokhapokha katundu akafika yense." Ukaduka pambuyo pa ndalamazo, wotsalawo ndi lamulo lomveka bwino: "Mulipire K20,000". Palibe mawu othyoka, koma tanthauzo lasinthiratu. M'malembedwe athu, mawu ochenjeza monga "koma", "pokhapokha" ndi "kupatulapo" amakonda kubwera chakumapeto kwa chiganizo kapena kwa kalata, komwe ndi kumene mpeni umagwera. N'chifukwa chake kuwerenga kumapeto pakokha sikokwanira. Pamafunika umboni wina wochokera ku bokosi lenilenilo.

Bokosi lodzaza ndendende

Mafomu ena ali ndi kachiwerengero pansi pa bokosi. Mukamata n'kuona kakuti 2000/2000, kapena kakusonyeza kuti zilembo zotsala ndi 0, imani kaye. N'zosowa kwambiri kuti munthu alembe kalata momasuka n'kukwana ndendende pamalire, osapyola ndiponso osaperewera ngakhale chilembo chimodzi. Chiwerengero chodzaza chonchi pambuyo pomata chimatanthauza, pafupifupi nthawi zonse, kuti zolembazo zinali zambiri kuposa malowo.

Ngati kachiwerengeroko palibe, pali njira yosavuta yoyesera. Ikani kamzere kophethira kaja kumapeto kwenikweni kwa zolembazo ndipo lembani chilembo chimodzi chilichonse. Chikaoneka, malo akadalipo ndipo malire a zilembo sanadule kanthu. Chifufuteni n'kupitiriza. Chikakana kuoneka, bokosilo ladzaza, ndipo mwayi waukulu ngwakuti ladzaza lisanamalize kulandira kalata yanu.

Wolandira uthenga sangayese motero, koma angathe kuwerenga zilembo. Mu Word, chiwerengerocho chimapezeka pa Review kenako Word Count, pamzere wa Characters (with spaces). Mu Excel, `=LEN(A1)` imapereka chiwerengero cha zilembo za m'kachipinda ka A1. Uthenga wokayikitsa ukakhala ndi zilembo 500, 1,000, 2,000 kapena 4,000 ndendende, mwapeza malire a fomu imene unadutsamo. Palinso manambala ena amene amaoneka achilendo koma ndi odziwika kwa anthu a makompyuta. Wotchuka kwambiri ndi 255. Baiti imodzi, komwe ndi kamuyeso kakang'ono ka zimene kompyuta imasunga, imatha kusunga nambala kuyambira 0 mpaka 255, ndipo mapulogalamu ambiri akale ankalemba utali wa mawu m'baiti imodzi yokha. Mpaka lero malo a Short Text mu Microsoft Access amalandira zilembo 255. Kachipinda kamodzi ka Excel kamasunga zilembo zosaposa 32,767, ndipo mawu olembedwa pansi pa chithunzi pa Instagram amalekezera pa 2,200.

Kwa amene amalandira mafomu ambiri kuofesi, chizindikiro china chimaoneka akaika mayankho pamodzi. Anthu osiyana salemba mofanana utali. Ngati mayankho aatali a anthu angapo onse akuthera pa chiwerengero chimodzimodzi, vuto lili pa fomu, osati pa olembawo.

Tiyese ndi kalata ya gulu la alimi

Tiyerekeze kuti mlembi wa gulu la alimi a mpunga walemba mu Word pempho la thandizo logulira makina opopera madzi. Kalatayo ili ndi ndime 6, ndipo pakati pa ndime ndi inzake wasiya mzere wopanda kanthu. Ndime yachisanu ikunena za ndalama: "Choncho tikupempha ndalama zokwana K4,500,000 zimene zidzagulire makina awiri ndi mapaipi." Ndime yomaliza ili ndi zimene gululo lidzasonkhe palokha, nambala ya foni ya wapampando ndi dzina la mlembi. Word ikusonyeza zilembo 2,412. Bokosi la pafomu limalandira 2,000, koma mawu onena zimenezi alembedwa mwa tizilembo ting'onoting'ono ndipo mlembiyo sanawaone.

Akamata, chiyambi chikuoneka bwino. Akatsikira pansi, akupeza mawu omaliza ndi akuti "tikupempha ndalama zokwana K4,500". Palibe mawu othyoka apa, ndipo K4,500 ndi ndalama yolembedwa molondola. Kalatayi itapita chonchi, woiwerenga angaone gulu likupempha ndalama yosakwana n'kugula paipi, popanda dzina kapena nambala yoti afunsepo. Zimene zikuonetsa vuto ndi zitatu: palibe mpumiro pambuyo pa ndalamayo, ndime yomaliza kulibe, ndipo mlembi akayesa kulemba chilembo china kumapetoko, bokosi likukana.

Kuti atsimikize, akukopera zonse za m'bokosimo n'kuzimata patsamba latsopano la Word. Chiwerengero chikubwera 1,992. Apa ena angasokonezeke n'kuganiza kuti malire sanafikidwe, popeza patsala zilembo 8. Chinsinsi chake n'chakuti Word siwerenga kudumphira pamzere wina ngati chilembo, pamene bokosi la pafomu limawerenga. Ndime zisanu zimene zalowa zili ndi mipata inayi pakati pawo, ndipo mpata uliwonse unapangidwa podina Enter kawiri. Amenewo ndi malo 8, ndipo 1,992 kuphatikiza 8 ndi 2,000 ndendende. Mwa kawerengedwe komweko, kalata yonse ya ndime 6 ili ndi malo 10 oterewa, choncho kwa bokosilo ndi ya zilembo 2,422. Zimene zatsala kunja ndi 422.

Tsopano mlembi akudziwa kukula kwa ntchito imene ili patsogolo pake. Abwerere ku kalata yoyambirira n'kuchotsa zilembo zoposa 422, ndi bwino zifike cha pa 480 kuti patsale mpata. Kuchotsa mizere yopanda kanthu kungapulumutse malo 5 okha, choncho ayenera kufupikitsa ziganizo zenizeni. Malonje aatali ndi mbiri ya gulu ndi zimene zingafupikitsidwe. Ndalama, dzina ndi nambala ya foni zikwere pamwamba. Mpata wotsalawo ndi wofunika chifukwa fomu ikamatumizidwa, kudumphira pamzere wina kumasanduka zizindikiro ziwiri zobisika m'malo mwa chimodzi, ndipo makina olandira angawerenge zonse ziwiri.

Pa kuyesa kumeneku pali msampha umodzi. Foni kapena kompyuta nthawi zambiri imasunga chinthu chimodzi chomaliza chimene mwakopera. Ngati munachotsa kalatayo pamalo ake oyamba ndi Cut, ndiye kuti kalata yathunthu ili pamalo osungira kwakanthawiwo basi. Mukakopera za m'bokosi kuti muziwerenge, zodukazo zimalowa m'malo mwa zathunthu zija. Choncho gwiritsani ntchito Copy, ndipo kalata yoyambirira ikhale yosungidwa mpaka zonse zitatha.

Chilembo chachilendo kumapeto, ndi nkhani ya SMS

Nthawi zina uthenga umathera ndi kachizindikiro kakuda kokhala ndi mfunsiro pakati (�), kapena kabokosi kopanda kanthu. Zimenezi zimachitika pamene makina akuwerenga mabaiti m'malo mwa zilembo. Zilembo wamba monga a kapena m zimatenga baiti imodzi, ŵ amatenga awiri, ndipo imoji nthawi zambiri imatenga anayi kapena kuposerapo. Mpeni ukagwera pakati pa chilembo cha mabaiti angapo, pamatsala chibenthu chimene foni singathe kuchionetsa. Kachizindikiroka kakapezeka paliponse m'kati mwa uthenga, vuto ndi lina. Kakapezeka kamodzi kokha, kumapeto kwenikweni, ndi umboni wamphamvu wakuti uthengawo unadulidwa.

SMS ili ndi khalidwe lakelake limene limakhudza kwambiri olemba Chichewa. Meseji imodzi imanyamula zilembo 160, koma pokhapokha zonse zili pa mndandanda wa zilembo wamba umene mafoni anagwirizana. Mukaikamo chilembo chimodzi chokha chimene sichili pamndandandawo, meseji yonse imasamukira ku kalembedwe kena momwe malire ndi 70. Chilembo cha ŵ sichili pamndandandawo, imoji nayonso palibe. Palibenso nkhodolero yopindika imene Word imaika yokha m'mawu ngati "m'mudzi" ndi "ng'ombe", ngakhale kuti yowongoka ya pakiyibodi ilipo. Meseji ikapyola malire, foni imaigawa m'zigawo za zilembo 153, kapena 67 pa kalembedwe kachiwiri kaja. Motero chilengezo cha zilembo 150 chokoperedwa ku Word chingasanduke mameseji atatu. Pafoni wamba izi zimangodya mayunitsi. Koma pa makina otumizira anthu ambiri nthawi imodzi, monga a kusukulu kapena kumpingo, ngati anawatchera kuti azitumiza meseji imodzi yokha, zotsalazo zikhoza kudulidwa. Chilengezo chothera mwadzidzidzi pa chilembo cha 70 kapena cha 160 chadutsa m'njira imeneyi.

Zooneka ngati zaduka koma zili zonse

Si uthenga uliwonse wooneka waufupi umene wadulidwa. WhatsApp imapinda uthenga wautali n'kuika mawu akuti Read more, ndipo Facebook imaika See more. Gmail imabisa mbali ya imelo imene yaposa makilobaiti 102 n'kulemba [Message clipped], pambali pake n'kuika View entire message. Mu Excel, mawu aatali amabisika kuseri kwa kachipinda koyandikana nako ngati nako kali ndi zolemba. M'malo onsewa palibe chatayika, ndipo mukadina pamalo oyenera zonse zimaoneka. Kusiyana kwake n'koonekeratu. Kupinda kumasiya chogwirira, kaya timadontho titatu kaya mawu oti mudine. Kudula kwa malire a zilembo sikusiya kanthu, uthenga umangoima.

Palinso kuduka kosachokera ku malire. Mwina pokopera simunasankhe zonse, zomwe zimachitika kawirikawiri pafoni chala chikaterereka. Apa chosowa chingakhale kumutu kapena kumapeto, chiwerengero sichigwera pa nambala yodziwika, ndipo bokosi limalolabe kuti mulembe. Mapulogalamu ena a pakompyuta, mukamata ndime zingapo m'kabokosi ka mzere umodzi, amangotenga mzere woyamba. Chizindikiro chake n'chakuti zolembazo zimathera bwinobwino pamapeto a ndime yoyamba. Kudziwa kusiyanaku kumathandiza kuti musafupikitse kalata imene inangofunika kukoperedwanso bwino.

Musanadine batani lotumizira

Yambani ndi kufunafuna malire pafomu musanalembe n'komwe, ndipo onetsetsani ngati akunena mawu kapena zilembo. Mwachitsanzo, UCAS, bungwe limene anthu amafunsirako malo m'mayunivesite a ku Britain, limapereka zilembo 4,000 kuwerengera ndi mipata pa zimene wofunsira amalemba zokhudza iye mwini. Kenako, pa kalata iliyonse yaitali, lembani mawu akuti MAPETO pansi penipeni musanakopere. Mukamata n'kuwapeza m'bokosi, zonse zalowa, ndipo mungawafufute. Akasowa, simufunikanso umboni wina. Ngati nkhaniyo singafupikitsidwe popanda kuiwononga, onani ngati fomuyo ikulola kutumiza fayilo, chifukwa fayilo simadutsa m'bokosi la zilembo.

Njira zimenezi zili ndi polekezera pake. Zimagwira kuduka kochitika pamaso panu, pomata. Mafomu ena amalandira zonse m'bokosi koma amakadula posunga, mutadina kale Submit. Ngati fomu ikuonetsa tsamba loti muonenso zimene mwalemba, kapena ikukutumizirani imelo yotsimikizira yokhala ndi mayankho anu, werengani kumapeto kwa yankho lililonse lalitali. Mukapeza kuti laduka, lembani kwa eni fomuyo nthawi yomweyo, tsiku lotsekera lisanafike, n'kutumiza mbali yotsalayo.

Wolandira nayenso ali ndi udindo. Uthenga ukafika wothera modabwitsa, musaganizire nokha zimene zatsala, makamaka ngati ukukhudza ndalama, mlingo wa mankhwala, tsiku la mlandu kapena malo okumanirana. Musangoyankhanso kuti "tumizaninso", chifukwa mnzanuyo adzamata zomwezo m'bokosi lomwelo ndipo zidzadukira pomwepo. Muuzeni mawu omaliza amene mwalandira, ndipo ngati mwawerenga zilembo, muuzeninso chiwerengero chake. Akamva kuti uthenga wake wathera pa mawu akutiakuti, pa chilembo cha 500, adzadziwa poyambira komanso kukula kwa chigawo chilichonse chimene angatumize popanda kudukanso.